Zilembo 64 za Alamu Anga

Pachipatala pathu munthu akafuna alamu anga satchula dzina lawo, amangofunsa ngati mwawaona a Kaye. Dzinali anachita kuliputa okha. Ukawatengera makina oyezera kuthamanga kwa magazi kuti akana kugwira ntchito, amati taimani kaye. Ukawauza kuti fulumirani odwala akudikira, amati tione kaye. Tsiku la ukwati wawo ndi akulu anga atapatsidwa chikalata choti asaine, anayamba kuchiwerenga kuchokera pamwamba, mpaka abale athu anayamba kuyang'anana kuti mwina mkamwiniyu wasintha maganizo.

Ntchito yawo ndi yokonza makina achipatala, ndipo aigwira zaka zoposa makumi awiri. Chipinda chawo chili kuseri kwa kochapira zovala, chitseko chake n'chobiriwira ndipo chimafuna phewa kuti chitseguke. Mkatimo muli tebulo lalitali lothimbirira ndi mafuta, matayala a njinga za odwala atapachikidwa pamisomali, mabotolo a jamu odzaza timasikuluwu tosankhidwa mwa misinkhu yake, ndi malaputopu awiri, yatsopano ndi ina yakalekale imene batire lake anachita kumanga ndi tepi. Pansi pa tebulo pali madirowa atatu. Awiri amakhala otsegula ndipo aliyense amapisamo akafuna pulayala, koma lapansi limakhala lokiya.

Ine ndine mzamba, ndipo mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Ntchito yathu sidziwa mawu oti kaye, chifukwa mwana akanena kuti ndikubwera ndiye kuti akubweradi. Choncho ine ndi alamu angawa takhala tikunyogodolana kuyambira kale. Ndimawauza kuti akulu anga anakwatiwa ndi kamba, iwo n'kumandiyankha kuti mwamuna wanga anakwatira mphepo yamkuntho ndipo n'chifukwa chake tsitsi linamuthera msanga. Akulu anga amangotiyang'ana uku akusita.

Wodi yathu ya amayi oyembekezera ili ndi makina a sikani amodzi okha, ounikira mwana ali m'mimba. Chaka chimene ndikunenachi kachipangizo kake koyendetsa pamimba, kamene timati pulobu, kanagwa pansi n'kung'aluka. Amene anakagwetsa sanadziwike mpaka lero, ngakhale tonse tikumudziwa. Tinakhala miyezi itatu tikungopapasa mimba ndi manja monga ankachitira amene anatiphunzitsa. Pulobu yatsopano itafika tinatsala pang'ono kuvina, koma a Kaye ataibaya kumakina, makinawo anangolemba kuti chipangizochi sakuchidziwa.

M'katoni momwemo munali kalata ya kampani yopanga makinawo. Inkati pulobu yatsopanoyi imafuna pulogalamu yatsopano, ndipo fayilo yake tikaitenge pa webusaiti yawo. Pansi pa kalatayo panali mzere wautali wa manambala osakanikirana ndi zilembo, wosawerengeka ngati mawu, ndipo kumayambiriro kwake analemba kuti SHA-256. Ine ndinaganiza kuti pulinta yawo inkadwala. A Kaye anaiika kalatayo m'pepala la pulasitiki ngati satifiketi ya mwana wawo.

Ndinawafunsa kuti kodi zokhwatchakhwatchazi n'zofunika chiyani, ndipo ndinalakwa, chifukwa anandikhazika pampando. Anati dzina lake ndi chekisamu. Pali masamu amene kompyuta imachita pa fayilo yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera osadumpha kanthu, ndipo yankho lake limatuluka zilembo 64, kaya fayiloyo ndi yaing'ono kaya ndi chimkulirano. A kampani anachita masamuwo pa fayilo yawo yeniyeni n'kulemba yankho m'kalata. Ife tikatenga fayiloyo tichite masamu omwewo pa yathu. Mayankho akafanana ndiye kuti tili ndi fayilo yomweyo, yathunthu, yosakhudzidwa. Akasiyana ndiye kuti penapake paduka, pavunda kapena wina wagwirapo.

Kuti ndimvetse, analemba pa laputopu chiganizo choti wodwala amwe mapiritsi 2, n'kuchita masamu aja. Panatuluka mzere wautali. Kenaka anafufuta 2 uja n'kuikapo 3, osasintha china chilichonse. Ine ndinkayembekeza kuti pasintha kachilembo kamodzi kapena tiwiri, koma mzere wonse unasintha moti sungadziwe kuti unali pachibale ndi woyamba uja. Ndinavomera kuti n'zodabwitsa, koma ndinawauzanso kuti ine ndili ndi amayi oyembekezera odzaza wodi, osati nthawi yochita masamu.

Fayiloyo inali ya magigabaiti asanu ndi awiri, ndipo intaneti yapachipatala pathu imayenda ngati munthu wongochoka ku opaleshoni. A Kaye anayamba kudawunilodi Lachiwiri m'mawa. Lachitatu magetsi anathima kawiri, netiweki n'kuduka, iwo n'kumapitiriza pomwe yalekezera. Aliyense wodutsa pachitseko chobiriwira ankasuzumira n'kufunsa kuti yafika pati, ngati akuzonda matenda. Chimene chinkatithamangitsa n'choti Lolemba kunkabwera dokotala wamkulu wa amayi, amene amatiyendera kamodzi pa mwezi, ndipo tinali titamusungira amayi amene mimba zawo zinkatidetsa nkhawa.

Lachinayi pagulu la amayi amenewo panalowa mwana wanga. Ndi chisamba changa, ndipo mimbayo inali yake yoyamba, ya miyezi isanu ndi itatu. Anadzuka n'kuona timagazi, mwamuna wake n'kubwera naye mwachangu, ndipo tinamugoneka pabedi lapafupi ndi zenera. Magaziwo anasiya tsiku lomwelo, koma ine ndinkadziwa chimene ndinkaopa. Nsengwa, imene mwana amadyera ali m'mimba, nthawi zina imakhala m'munsi n'kutseka njira yotulukira, ndipo mayi wotero matenda akamuyamba amataya magazi mwadzidzidzi. Zimenezi sungazione ndi manja, zimafuna sikani. Chipatala china chokhala ndi sikani chili pa mtunda wa maola asanu pa msewu wa mabampu, ndipo dokotala wathu anati pokhala magazi asiya n'kwabwino agone phee mpaka Lolemba kusiyana n'kumugwedeza ulendo wonsewo. Ndazamba ana a anthu osawerengeka, koma tsiku limenelo ndinamuyeza mobwerezabwereza ngati wongophunzira ntchito.

Lachisanu m'mawa fayilo ija inatha kulowa. Uthenga unafika kuwodi ine ndisanamalize tiyi, ndipo ndinathamangira kuchitseko chobiriwira ndi kapu m'manja. Ndinapeza a Kaye atalamula kale laputopu kuti ichite masamu aja pa fayiloyo, akudikira kuti athe. Zinatenga mphindi zingapo. Mzere utatuluka anauyang'ana, n'kuyang'ana kalata, n'kuvula magalasi. Sipanafunike kuwerenga mpaka kumapeto, chifukwa zilembo zinayi zoyambirira zomwe zinali zosiyana kale.

Ndinawaonetsa kuti kukula kwa fayiloyo kukufanana ndendende ndi kumene kwalembedwa m'kalata. Iwo anati thumba limatha kulemera bwinobwino mkati muli mchenga. Mwina pamene netiweki inkadukaduka kachigawo kena kanalowa kolakwika, ndipo chekisamu sinena kuti pavunda ndi pati, imangonena kuti fayiloyi si imene inachoka kwa eni ake. Anawonjezera kuti makina atsopano amayamba aifufuza okha fayilo asanailandire, koma athuwa ndi akale, amameza chilichonse chimene wawapatsa. Akameza yovunda amatha kufera pakati pa ntchito osadzukanso, ndipo kuwadzutsa n'kuitanitsa ubongo wake wina kuchokera kunja, miyezi n'kumapita. Kuyambiranso kudawunilodi pa intaneti yathu kukanatha Lolemba madzulo ngati magetsi atatikomera mtima.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera bwana wa ofesi, amene amayang'anira antchito ndi katundu yense wapachipatala. Ndi munthu wabwino, wothamangathamanga ngati ine, ndipo analowa akumwetulira, fulashi yosungiramo mafayilo ili m'mwamba ngati wapha njoka. Anati anaimbira mnzake wa kuchipatala china, mnzakeyo ali pa gulu la pafoni la amisiri okonza makina, ndipo wina pagulupo anali nayo kale fayilo yomweyi. Fulashiyo inabwera pa basi ya masana mu envelopu. Anati ndiponso a Kaye asadandaule, chekisamu yawo yokondedwayo ili momwemo.

A Kaye sanaibaye fulashiyo pa laputopu yatsopano. Anatsitsa yakale yomanga tepi ija, imene siilumikizidwa ku netiweki iliyonse, n'kutsegulira pamenepo. Munalidi fayilo ya dzina lomwelo, ndi kafayilo kena kakang'ono kokhala ndi zilembo 64. Laputopu yokalambayo inachita masamu ikulira ngati njinga yamoto pachitunda. Yankho litatuluka linafanana ndi la m'kafayilo kaja kuyambira poyamba mpaka pothera, ndipo bwana wa ofesi anawomba m'manja. Ine mtima unakhala pansi. A Kaye anangotenga kalata ya m'pulasitiki ija n'kuiika pafupi ndi sikirini, ndipo tonse tinaona kuti zilembo za m'kalata ndi zina.

"Koma zafananatu apa, mwaona nokha," anatero bwana wa ofesi.

"Zafanana ndi mboni imene yabwera nayo m'thumba limodzi, bwana," anatero a Kaye. "Munthu akasintha fayilo, kulemba chekisamu yatsopano n'kuiika pambali pake ndi ntchito ya mphindi zisanu. Apa tangodziwa kuti sinaduke panjira. Kuti ndi ya kampani, mboni yake ndi kalatayi, ndipo kalatayi yakana."

Bwana wa ofesi anafunsa ngati akutanthauza kuti mnzakeyo ndi wakuba. A Kaye anati ayi, mwina ndi pulogalamu yakale imene wina anangoisintha dzina, mwina ndi ya makina achibale ndi athuwa, mwinanso wina anaikonzakonza kuti atsegule zinthu zimene kampani imatseka. Anati sakudziwa, ndipo vuto lake ndi lomwelo lakuti sakudziwa. Bwana wa ofesi anawakumbutsa kuti Lolemba dokotala wamkulu akapeza makina ali chete, lipoti lidzalembedwa, ndipo m'lipotimo mudzakhala dzina la munthu. A Kaye anati alembe, dzina lawo si lalitali.

Apa m'pamene mphepo yamkuntho inawomba. Sindibwereza zonse zimene ndinanena, zina n'zochititsa manyazi. Ndinawauza kuti amene wagona pabedi lapazenera uja ndi mwana wawo yemwe, amawatchula kuti bambo aakulu, anamunyamula ali wakhanda. Ndinati anzawo kwina akugwiritsa ntchito fayilo yomweyi ndipo palibe wamwalira, koma iwo akufuna kuoneka ophunzira ndi timanambala tawo. Ndinamaliza ndi mawu oti munthu amene sanaonepo mayi akutaya magazi ndi amene amakhala ndi nthawi yonena kuti kaye. A Kaye anangozula fulashi ija, kuibwezera mu envelopu, n'kulembapo ndi cholembera chofiira kuti isaikidwe m'makina.

Loweruka ndinapita kwa akulu anga kuti akandilankhulire mwamuna wawo. Ndinawapeza pakhonde akusoka batani la malaya a ntchito a alamu. Ndinakhuthula zonse, ndi mawu omaliza aja omwe, chifukwa ndinkaona ngati ndinalankhula zanzeru. Akulu anga anadula ulusi ndi mano, n'kundifunsa ngati ndikukumbukira mimba yawo yachitatu.

Ndinkaikumbukira. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kuchipatala china chakutali, ndipo ndinangolandira foni yoti mwana wapitirira, akulu anga apulumuka atawaika magazi. Chimene sindinkadziwa n'choti chipatala chathu chinali ndi makina ena a sikani makinawa asanabwere. A Kaye, adakali ndi tsitsi lakuda, anadawunilodi pulogalamu yake yatsopano, anthu ali pamsana kuti fulumirani, anaona kuti dzina ndi kukula kwake zili bwino, n'kuiika. Mzere wa zilembo unalipo pa tsamba la kampani, koma anangouyang'ana n'kupitirira. Makinawo anafera pakati pa ntchito, ndipo chipatala chinakhala miyezi isanu ndi iwiri chopanda sikani. Mimba ya akulu anga inali m'miyezi imeneyo.

Akulu anga anati madokotala anawauza onse awiri kuti ngakhale sikani ikanakhalapo mwina mwanayo sakanapulumuka. Iwo anazilandira, koma mwamuna wawo mawu oti mwina aja sanawachoke m'mutu mpaka lero. Ubongo wa makina akufawo, kathabwa kobiriwira kodzaza timawaya, ndi kamene kamakhala m'dirowa lokiya lija.

"Magazi anawaona, mng'ono wanga," anatero akulu anga. "Anakolopa okha m'chipinda chathu."

Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinasowa poyang'ana. Ndinafunsa kuti alamu ali kuti, ndipo anati apita kukoleji ya aphunzitsi ya m'tauni, kumene mnzawo wakale amayang'anira chipinda cha makompyuta. Kumeneko kuli intaneti yamphamvu, koma mkati mwa sabata ophunzira amaipanikiza ndipo alendo saloledwa. A Kaye anali atayamba kupempha chilolezo kuyambira Lachitatu, magetsi atangothima koyamba, osauza munthu. Madzulo anabwera ndi yankho loti awalola Lamlungu, kuyambira m'mawa mpaka masana.

Lamlungu ndinafika pakhomo pawo ndi galimoto ya mwamuna wanga dzuwa litangotuluka. Kupepesa sindikudziwa bwino, choncho ndinangoti minibasi za Lamlungu n'zosadalirika, kwerani. Anakwera, chikwama cha laputopu chili pamiyendo, kalata ili m'thumba la malaya. Tinayenda ola limodzi ndi theka tikukamba za matayala. Pena ndinayamba kuti alamu, za Lachisanu zija, iwo n'kundiuza kuti ndiyang'ane kutsogolo kuli mbuzi.

Chipinda cha makompyuta chinali chozizira, mipando itakwezedwa pamatebulo, pakhoma pali chikwangwani choletsa kudyera mkatimo. Mnzawo uja anatitsegulira, kutipatsa waya wa netiweki, n'kupita kukapemphera. A Kaye sanafufuze dzina la fayilo pa intaneti, analemba okha adiresi ya webusaiti monga inalili m'kalata, chilembo ndi chilembo. Kamzere kosonyeza pamene yafika kanayamba kuyenda, ndipo kwa ine amene ndinazolowera ka kwathu, kankaoneka ngati kakuuluka. Tinakhala maola atatu. Ine ndinaimbira kuwodi kanayi, n'kuyenda uku ndi uku mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati ndataya kanthu. A Kaye anapeza mpando wogwedera n'kuyamba kuumanga.

Itatha kulowa anachita masamu aja, mzere n'kutuluka. Iwo ali ndi kachitidwe kawo. Amayamba alemba zilembo za m'kalata mu kompyuta kuti kompyutayo ifananitse yokha, chifukwa amati maso a munthu amaona zimene akufuna kuona. Kenaka amafunanso munthu wachiwiri woti awerenge mokweza, zinayi zinayi, magulu khumi ndi asanu ndi limodzi. Amati anthu ambiri amayang'ana zoyambirira ndi zomalizira n'kunena kuti zatheka, ndipo iwo saona chifukwa chosiyira zapakati pamene zonse zalembedwa. Zilembo zake zimalekezera pa f, ndipo kuti zimveke bwino anazipatsa mayina: a wa agogo, b wa bambo, c wa chala, d wa dengu, e wa envelopu, f wa fosholo. Kwa zaka zambiri ndinkamva akuchita zimenezi ndi aliyense amene amugwira pakhonde, ndipo ndinkaseka kuti a Kaye atsegula sukulu ya mkaka.

Kompyuta inavomera kuti mizere iwiriyo ndi yofanana. Anandipatsa kalata, iwo maso ali pa sikirini.

"Seveni, dengu, ziro, chala," ndinawerenga.

"Zili choncho."

"Fosholo, fosholo, thuu, naini."

"Zili choncho."

Tinapitiriza choncho, mawu anga akumveka m'chipinda chopanda anthu. Pa gulu lililonse ndinkaona nkhope ya mwana wanga pabedi lapazenera. Gulu lomaliza litatha a Kaye anati zili choncho, n'kuyamba kufunafuna fulashi m'chikwama. Ine ndinapeza kuti chala changa chinali chitaphimba mzere pakati, ndipo sindinali wotsimikiza ngati gulu lachisanu ndi chinayi ndinaliwerenga kapena ndinalilumpha.

"Taimani kaye, alamu," ndinatero. "Tibwereze."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinadikira kuti andinyogodole, ndipo akanakhala ndi ufulu wonse, koma anangobwezera mpando pafupi ndi tebulo. Tinabwereza magulu onse, ndipo onse anafanana. Atakopera fayiloyo pa fulashi yatsopano anachitanso masamu pa ya pafulashiyo, poti ndi imene ikalowe m'makina, ndipo fulashi nayonso imatha kuvunditsa zinthu. Ulendo uno sindinadandaule.

Tinafika kuchipatala cha m'ma thiri koloko. A Kaye analumikiza makina a sikani ku batire lalikulu losunga magetsi, n'kupempha woyendetsa jenereta kuti akhale pafupi, chifukwa fayilo yabwino nayonso imapha makina magetsi akathima ili pakati polowa. Ntchitoyo inatenga mphindi makumi anayi. Pena kamzere kanaima nthawi yaitali osasuntha, ine n'kutuluka panja chifukwa mtima sunandilole kuonerera. Nditabwerera ndinapeza makina atazima n'kuyakanso okha, a Kaye atapaka mafuta oterera amene timapaka pamimba pounika padzanja lawo, akuyendetsapo pulobu yatsopano. Pa sikirini pankaoneka mtsempha wawo ukugunda pang'onopang'ono, mosafulumira, ngati mwini wake.

Lolemba dokotala wamkulu anaunika amayi onse amene tinamusungira. Mwana wanga anali wachitatu. Nsengwa inalidi m'munsi, itatseka njira yonse, ndipo dokotalayo anati asayerekeze kudikira matenda, akhale m'chipatala momwemo, magazi omuika akhale okonzeka, ndipo anatchula tsiku la opaleshoni. Kenaka anatembenuza sikirini kuti mayi aone. Kamtima kankaphethira pakati pa mdima, ndipo mwana wanga analira, ine n'kunamizira kuti ndikufuna magolovesi m'kabati.

Za fulashi ya mu envelopu ija, a Kaye anatumiza zilembo zake ku kampani kufunsa ngati ndi za pulogalamu yawo ina. Yankho linabwera patapita sabata ziwiri, loti pa mapulogalamu onse amene anatulutsapo palibe ya zilembo zimenezo. Chimene chinali mkatimo sitikuchidziwa mpaka lero. Bwana wa ofesi anaimbira mnzake uja kumuchenjeza, ndipo lipoti lokhala ndi dzina la munthu silinalembedwe.

Koma tsiku la Lolemba lija a Kaye sanabwere kuwodi. Dokotala atamaliza ndinapempha kachithunzi kamodzi ka sikani, kapepala kopyapyala kamene makina amatulutsa, n'kupita nako kuchitseko chobiriwira. Ndinawapeza atagwada, akubwezera tayala pa njinga ya odwala. Ndinawapatsa kachithunziko n'kuwauza zonse zimene dokotala wanena, ndipo ndinawauzanso, bwinobwino ulendo uno, kuti pakamwa panga panalakwa Lachisanu ndipo akulu anga anandiuza zonse.

Anapukuta manja pa ovolosi asanakagwire. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti mutu ndi uti, ine n'kuwalozera. Kenaka anatulutsa kiyi m'thumba n'kutsegula dirowa lapansi. Munalibe china koma kathabwa kobiriwira kaja, kokutidwa ndi mpango. Anaika kachithunziko pamwamba pake.

"Wathu uja bwenzi chaka chino ali ndi zaka khumi ndi ziwiri," anatero.

Anatseka dirowalo osakiya, n'kundipempha kuti ndiwagwirire njingayo kuti amange tayala.